Chikuta m'nyumba ya lendi

Mwana wanga wachitatu ndinaberekera m'nyumba ya eni. Awiri oyamba ndinaberekera kwathu kwa Kasisi, m'nyumba imene mayi anga ankazira okha, ndipo onse awiri anapita asanatuluke m'chikuta. Ndiye pakati pachitatu pataoneka ndinawauza amuna anga kuti kumudzi sindipitako, anene wonena. Sindinkafuna kuonanso khomo lija.

Nthawi imeneyo nkhondo ya Ajeremani inali itatha kale, ndipo tinkakhala ku Nsanje, kumene azungu ankakutcha Port Herald. Amuna anga anali kalaliki pa sikelo ya thonje. Tinkachita lendi chipinda chimodzi pa mdadada wa zipinda zinayi, kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina. Makoma anali a njerwa zosaotcha, denga la malata, kutsogolo kakhonde. Mwezi wa Okutobala malata aja ankatiphika ngati mbatata, koma ine ndinkanyada nawo, poti kwathu konse panalibe amene anagonapo pansi pa malata.

Mmwenyeyo anali munthu wa mapepala. Akuti anakanganapo ndi munthu wina amene ankakhala m'chipinda chathucho ife tisanabwere, mpaka nkhani inakafika ku boma, ndiye kuyambira pamenepo aliyense wolowa pa mdadada wake ankasayina pepala la pangano, lolembedwa m'Chingerezi. Anzathu ankangodinda chala. Amuna anga anasayina ndi cholembera, dzina lopotokola kumapeto, n'kulipinda pepalalo n'kuliika pansi pa bokosi lathu la chitsulo. Za lendi ya pamwezi tinkazidziwa pamtima. Zina zonse zimene zinali papepalapo sitinazilabadire.

Masiku atayandikira kunabwera mayi anga aang'ono kudzandidikirira. Anali mayi wamfupi, wamakani, wosiya kale za m'nyumba, ndipo ana ambiri a kwathu anabadwira m'manja mwawo. Mwana atabadwa, wamkazi, anatseka chitseko n'kuika mtondo kumbuyo kwake. Kwathu mayi ndi khanda amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo munthu wotentha, ndiye kuti aliyense amene akugona ndi mkazi kapena mwamuna, saloledwa kulowamo. Akalowa, mwana amatsempheka, amatupa, amapita. Ana anga awiri aja anthu ananena kuti chinawatenga n'chimenecho, ngakhale wolakwa sanapezeke. Amuna anga anaphunzira ku mishoni, ndipo ankakonda kunena kuti tsempho mulibe m'Baibulo. Koma mphasa yawo anaitulutsa okha n'kukayala pakhonde, popanda wowauza.

Mwana ali ndi masiku owerengeka, dzuwa lili pamutu, tinamva nsapato pakhonde. Kenaka mawu a mmwenye, m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chisena, poti mkazi wake anali Msena wa ku Zambezi.

"Tsegulani, ndione denga. Ndabwera ndi kalipentala."

Chitseko chinagwedezeka, mtondo n'kusuntha pang'ono. Ndinamukumbatira mwana n'kutembenukira kukhoma. Mayi aang'ono anaukhalira mtondo uja n'kukuwa kuti, "Muno muli khanda! Simulowa mwamuna muno!"

Mwayi wake amuna anga anali atabwera kudzadya. Ndinawamva akuthamanga kuchokera kumthunzi wa mtondo wa kuseri, uja wa zipatso osati wosinjira, akupepesa asanafike n'komwe.

Mmwenye sanabwere ndi chipongwe, zimenezo ndiyenera kunena. M'chipinda cha kumapeto mtanda wa denga unali utathyoka dzulo lake, chiswe chitaudya m'kati monse, ndipo malata anatsikira pa katundu wa anthu. Mitanda yonse ya mdadadawo inadulidwa nthawi imodzi. Mvula inali pafupi, ndipo kalipentala anali wobwereka, woti abwerera kwawo ku Chiromo ntchito ikatha. Munthuyo ankafuna kuona chipinda chilichonse tsiku lomwelo.

"Nyumba ndi yanga," anatero. "Pepala likunena kuti ndikhoza kulowa. Iwe unasayina."

"Zoona bwana, ndinasayina," anayankha amuna anga. "Koma tiyeni tilione pepalalo."

Sindikudziwa chimene chinawapatsa nzeru imeneyo. Mwina ankangofuna kugula nthawi. Vuto linali lakuti pepalalo linali m'bokosi, bokosi lili m'chikuta, mmene iwo sakanalowa. Mayi aang'ono anafukula bokosi lonse, n'kutulutsira pansi pa chitseko pepala la ukwati wathu. Linabwerera. Anatulutsa la msonkho. Linabwereranso. Ndinachita kuwalozera ndi chibwano kuti ndi ilo lili pansi pa nsalu ya ku tchalitchi.

Amuna anga powerenga Chingerezi ankayenda ngati munthu wowoloka Shire pa bwato lobooka, pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. Ankawerenga mzere, n'kuima, n'kuumasulira mokweza kuti apongozi awo amve m'katimo. Anadutsa za lendi, za kusaweta mbuzi pakhonde, za kusalowetsa munthu wina wa lendi. Kenaka anafika pamene tinkafuna.

"Akuti mwini nyumba ali ndi ufulu wolowa kudzaona mmene nyumba ilili ndi kukonza zowonongeka. Akuti alowe masana, pa nthawi yoyenera." Anaima kaye. "Akuti ayambe wapereka notisi yolemba, ya masiku atatu."

Kenaka mmwenye anati awerenge mzere wotsatira, ndipo amuna anga anawerenga. Unkanena kuti pakakhala ngozi, monga moto kapena madzi osefukira, kapena china choti chigwetsa nyumba nthawi yomweyo, mwini nyumba akhoza kulowa popanda notisi.

"Chiswe si ngozi?" anafunsa mmwenye.

"Bwana, ngati mwaona kuti denga ili likugwa lero, nenani, ndipo ine ndemwe ndithyola chitsekochi. Mkazi wanga ndi mwana wanga ali pansi pake."

Ndinamva nsapato zikutsika pakhonde, zikuzungulira nyumba. Anali mmwenye ndi kalipentala wake, akuyang'ana denga chakunja. Atabwerera kalipentala ananena kuti malata ali chilili, sanafwamphuke paliponse, ndipo za m'kati sangazidziwe asanaone. Apa mmwenye akanatha kunama. Akanangoti ndi ngozi, ndani akanamutsutsa, kalaliki wa pa sikelo? Koma anapuma mwamphamvu n'kunena kuti, "Pyadidi, chabwino. Pepala ndi langa, ndinalembetsa ndine." Anapita kusitolo, ndipo posakhalitsa anabwera ndi kapepala kong'amba pa zokulungira sopo, atalembapo kuti adzalowa Lachisanu m'mawa. Amuna anga anasayina kuti alandira.

Tsiku limenelo amuna anga anayenda ngati apha mkango. Ankafotokozera aliyense wodutsa pa mdadada mmene anawerengera, ndipo pofika madzulo nkhaniyo inali itakula, Chingerezi chake chitachuluka. Ine ndinawasiya adzitame. Anali atandigulira masiku atatu, ndipo ndinkawathokoza ndi mtima wonse.

Koma mchombo suwerenga pepala. M'mawa uliwonse mayi aang'ono ankamuvundukula mwana pafupi ndi kazenera, tonse awiri n'kuweramira pamimba pake. Unkauma, unkada, koma unali gwa. Ndinawafunsa ngati sitingauthandize pang'ono. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ukoke? Iwe mwana iwe, unayamwa bwino? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nanga Lachisanu likafika?"

"Lifike. Ine ndili pamtondo pano."

Lachinayi masana mchombo unali usanagwe. Amuna anga anabwera kuchokera ku ntchito osalankhula, kudzitama kuja kutatha. Anakhala pakhonde atatsamira chitseko, ine ndili mbali inayo, ndipo tinkalankhula kudzera m'ming'alu ya matabwa. Anandiuza zimene sananene mokweza tsiku lija. Pansi pa mizere ija panali wina. Unkati notisi ikaperekedwa bwino, wokhala m'nyumba asakanize mwini nyumba kulowa, ndipo akakaniza waphwanya pangano, akhoza kutulutsidwa.

"Walira mvula walira matope," anatero. "Pepala ndinaliitana ndine. Sindingalandire mzere umodzi n'kukana unzake."

Ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima sindisankha mawu. Ndinawauza kuti atenge malata awowo afunde, ine ndi mwana wanga tikagona pansi pa mtengo. Koma ndinkadziwa kuti ndikungolankhula. Kumutulutsa mwana mchombo usanagwe kunali koopsa chimodzimodzi ndi kulowetsa mwamuna. Kukaniza kunali kutaya nyumba mvula ili pakhomo, ndi khanda m'manja, kwathu kuli kutali. Ndipo pansi pa mtima ndinkaopanso dengalo. Ndinkagona chagada n'kumauyang'ana mtanda uli pamwamba pathu, osadziwa chimene chili m'kati mwake.

Nditatopa ndi kulira ndinati, "Tawerenganinso. Kuyambira poyamba. Musadumphe kanthu."

Anawerenganso, mawu ali pansi. Ulendo uno sanafupikitse monga anachitira pamaso pa mmwenye. Anati, "Mwini nyumba, iye mwini kapena munthu amene wamutuma, ali ndi ufulu wolowa."

"Imani pomwepo. Amene wamutuma?"

"Eya. Ngati kalipentala uja."

"Pepala lanena kuti kalipentala?"

"Ayi."

"Lanena kuti akhale mwamuna?"

Ndinamva pepala likukhwekhwereza. "Silinanene."

Mayi aang'ono, amene ankaoneka ngati akuwodzera, anadzuka. Polankhula ndi mkamwini wawo ankayang'ana kumbali ngakhale pakati pali chitseko. "Apongozi, kodi kunyumba kwa bwana wanuyo kulibe munthu wozizira? Ine ndaonako nkhalamba ina ikuanika mapira kuseri kwa sitolo."

Nkhalambayo inali mayi a mkazi wa mmwenye, wamasiye wa zaka zambiri. Ine ndinkawaopa. Ankakhala pampando wachikopa kuseri kwa sitolo, fodya wa mphuno ali m'manja, akukalipira nkhuku, ana ndi aliyense wodutsa pafupi ndi mapira awo.

Amuna anga anati tisathamange. Pepala linkapatsa mwini nyumba ufulu wotuma munthu, koma silinkatipatsa ife ufulu womusankhira woti atume. Akafuna kubwera yekha ndi kalipentala, palibe mzere umene ukanamuletsa. Chimene tikanatha n'kupempha basi. Anavala jekete lawo la ku tchalitchi, kutentha konse kuja, n'kupita kusitolo. Anabwerako msanga. Akuti mmwenye anamvetsera akuyeza nsalu ya munthu, n'kungoti, "Ndamva." Sanavomere, sanakane.

Lachisanu m'mawa ndinamusambitsa mwana. Mayi aang'ono anakhala pamtondo. Tinamva anthu akubwera, ndipo pakati pa mapazi awo ndinazindikira nsapato za mmwenye. Koma nsapatozo zinaima pansi pa khonde, ndipo chimene chinakwera chinali ndodo, gogodo, gogodo, ndi mapazi okhwekhwereza.

"Fungulani," anatero mawu a nkhalamba m'Chisena, kutiuza kuti titsegule. "Ndine ndatumwa."

Mayi aang'ono anafunsa ndithu, mwa mwambo, ngati ali bwino kulowa. Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola. "Ine? Mwamuna wanga anafa njanji isanafike kuno. Ndazizira kuposa mtsuko wako."

Analowa, chitseko n'kutsekedwanso. Ine ndinkayembekeza kuti angoponya diso kudenga n'kutuluka, kutichitira chifundo. Ayi ndithu. Mayi aja anabwera kudzagwira ntchito imene anatumidwa. Anayamba ndi makoma, akugogoda ndi ndodo. Anapeza mwaye pakona pamene tinkasonkha kamoto ka mwana, n'kukuwira mkamwini wawo panja kuti anthu awa akuphikira m'nyumba. Anapeza msomali umene amuna anga anakhoma pakhoma wopachikapo jekete, n'kuunenanso. Ndinayamba kudandaula kuti bola akanabwera kalipentala.

Kenaka anakweza ndodo kudenga. Kalipentala ankawauza ali panja kuti agogode mtanda uliwonse, kumapeto ndi pakati, iye amvetsere. Woyamba unalira bwino. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, umene unali pamwamba penipeni pa mphasa yanga, unalira ngati chikho chopanda kanthu. Anaubaya ndi nsonga ya ndodo, ndodo n'kulowa, ndipo dothi lofiira linathothokera pa nsalu imene ndinafunditsa mwana.

Nkhalamba inandiyang'ana, n'kuloza kukona ina ndi ndodo. Ndinanyamuka ndi mwana, mayi aang'ono n'kukoka mphasa. Masiku onse aja ndinkalondera chitseko, ngozi ili pamwamba pathu.

Panja anakambirana. Kalipentala anati mtandawo uyenera kuchotsedwa, ndipo pochotsa ayenera kulowa ndi anyamata ake n'kukanganula malata awiri. Tsopano mmwenye anali ndi zonse kumbali yake, notisi yakwana, ngozi yaoneka. Ndinamva amuna anga akuti, "Bwana, apa ndilibe mawu."

Amene anali ndi mawu anali nkhalamba ija. Inakuwa kuchokera m'kati, "Nkhabe, ayi! Mtanda uwu ukufuna mzati basi. Bweretsani mtengo wa mphanda, tiimika tokha. Amuna akayambe zipinda zinazo."

Mmwenye anafunsa kalipentala ngati mzati ungagwire. Kalipentala anati ukaikidwa pamalo pake, pansi pali thabwa, ugwira sabata kapena awiri, bola kusabwere chimphepo. Kenaka mmwenye anati, "Chipinda ichi chikhale chomaliza. Koma mchombo ukagwa mundiuze tsiku lomwelo. Sindilembanso notisi ina." Amuna anga anavomera msangamsanga.

Mzatiwo anaulowetsa pakhomo amuna ali panja, akukankha, ife tikukoka. Unali wa mtsanya, wolemera ngati tchimo. Tinauimika atatu, nkhalamba ziwiri ndi ine wa masiku ochepa chiberekere, kalipentala akutiuza pakhomo kuti sunthirani kumanja, ayi kwambiri, bwererani. Mayi aang'ono ankalamula m'Chimang'anja, anzawo m'Chisena, aliyense akuti mnzake ndiye akupotoza. Mphanda itagwira mtanda, nkhalamba inakhomera kamtengo pansi pake ndi munsi wathu, n'kuugwedeza mzatiwo kuti ione. Sunasunthe.

Isanatuluke inabwera pamene ndinakhala. Sinamugwire mwana. Inaika manja kumbuyo, n'kuwerama, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Wachingati?"

"Wachitatu, mayi."

"Enawo?"

Ndinapukusa mutu. Nayonso inagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene akuidziwa njira imeneyo. Ndinati, "Takhuta, mayi," poti ndiwo mawu othokoza a Chisena amene ndinkawadziwa bwino. Inandiyankha kuti mwaye uja ndiuchotse ndikatuluka, n'kumapita.

Anthu amenewa sindinawabwezere kanthu, ndipo sindikudziwa kuti ndikanabweza chiyani. Mmwenye uja sanali mbale wanga, mwambo wathu sunali wake, ndipo pepala lake lomwe linkamulola kulowa m'mawa umenewo. Anaima pansi pa khonde la nyumba yake yomwe, padzuwa, akudikira apongozi ake kuti amuuze za denga lake. Kalipentala anachedwa kubwerera kwawo chifukwa cha ife, ndipo amene anamulipira masiku owonjezerawo si ife. Adzukulu anga amene anaphunzira za chipatala amandiuza kuti ana anga oyamba aja mwina anafa ndi matenda olowera pamchombo, osati tsempho. Kaya. Ine sinditsutsana nawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanaona mwamuna akulowa pakhomo paja, mtima wanga ukanafa tsiku lomwelo, ndipo sindikudziwa ngati mkaka ukanatuluka.

Mchombo unagwa Lamulungu m'mawa, tikumusambitsa. Unangotsalira m'manja mwa mayi aang'ono, kanthu kakang'ono kouma. Anaukulunga m'kansanza kuti akaukwirire kumene iwo ankadziwa, n'kumumeta mwana tsitsi la m'mimba, n'kuchotsa mtondo pachitseko. Amuna anga anathamangira kusitolo kukanena monga tinalonjezera, asanamuone n'komwe mwana wawo, ndipo anabwerera akupuma wefuwefu.

Ndinaima pakhomo kanthawi, maso akulephera kupirira kuwala. Akazi a pa mdadada anali atasonkhana, wina n'kuyamba nthungululu. Kawiri konse ndinatulukapo pakhomo la chikuta wopanda mwana, ndipo kawiri konse anthu ankayang'ana pansi. Mayi aang'ono anandikankha pamsana kuti tiye, ukudikira chiyani. Ndinatsika pakhonde, n'kuyenda mpaka pamene anaima amuna anga. Anatambasula manja, koma ine ndinakanika kumupereka mwanayo. Anachita kudikira.